Mmene mungawerengere nyumba ya 5 ndi ya 8 pofananiza matchati a anthu awiri okondana

Tchati cha kubadwa ndi chithunzi cha pamene panali Dzuwa, Mwezi ndi mapulaneti nthawi imene munthu ankabadwa, chogawidwa m'zigawo 12 zotchedwa nyumba. Anthu ambiri amene ayamba kuphunzira kuchiwerenga amakakamira malo amodzi. Amaika matchati awiri pamodzi, foni n'kuwauza kuti `Venus` ili m'nyumba yachisanu kapena kuti `Mars` ili m'nyumba yachisanu ndi chitatu, iwo n'kugamula pomwepo kuti chibwenzicho n'chokoma kapena n'choopsa. Funso limene amalidumpha ndi ili: pulaneti ndi ya ndani, ndipo nyumba ndi ya ndani? Matchati awiri amawerengedwa kawiri, kupita ndi kubwera, ndipo mayankho ake kawirikawiri safanana. Munthu akhoza kukhala m'nyumba yanu ya 8 inu muli m'nyumba yake ya 5, ndiye kuti nonse muli m'chibwenzi chimodzi koma mukuchimva mosiyana. Malangizo awa ndi a mmene mungapezere kusiyana kumeneko.

Ndinene poyambirira kuti iyi ndi njira yomasulira imene okhulupirira nyenyezi amagwiritsa ntchito. Sayansi sinatsimikize kuti malo a mapulaneti amasintha khalidwe la munthu. Phindu limene ine ndimaliona ndi mafunso abwino amene tchati chimakupatsani kuti mukafunsane awirinu.

## Zofunika kukhala nazo

- Tsiku, mwezi ndi chaka chobadwira cha aliyense wa awiriwo.
- Nthawi yobadwira, ola ndi mphindi zake ngati n'kotheka.
- Malo obadwira. Ngati mudzi wanu sukupezeka, lembani tauni kapena boma loyandikira.
- Foni kapena kompyuta ya intaneti. Mawebusaiti monga `astro.com` ndi `astro-seek.com` amajambula matchati kwaulere.
- Pepala ndi zolembera ziwiri za mitundu yosiyana, china cha inu, china cha mnzanuyo.
- Chilolezo cha mnzanuyo. Tsiku ndi nthawi yobadwira ndi zake, ndipo zimene muwerengezi zikhudza ndalama zake ndi za kuchipinda. Mupempheni.

Maina a mapulaneti ndi a zizindikiro khumi ndi ziwiri, zigawo za njira imene Dzuwa limaoneka likuyenda kuthambo, ndawalemba mmene amaonekera pafoni kuti musavutike kuwapeza. Dzuwa pafoni ndi `Sun`, Mwezi ndi `Moon`, ndipo m'tchati nazo zimawerengedwa ngati mapulaneti. Ndondomeko ya zizindikirozo ndi iyi, ndipo muzikhala nayo pafupi chifukwa muwerenga nayo ndi zala:

```
Aries, Taurus, Gemini, Cancer, Leo, Virgo,
Libra, Scorpio, Sagittarius, Capricorn, Aquarius, Pisces
```

## Nyumba ziwirizi zimayankha mafunso osiyana

Nyumba ya 5 ndi ya chisangalalo: kukopana, kufunsirana, kuseka, masewera, luso, ndiponso ana. Imayankha funso lakuti, kodi ndikakhala ndi munthu uyu ndimasangalala? Nyumba ya 8 ndi ya zimene anthu awiri amaphatikiza ndipo sangazilekanitse mosavuta: thupi, zinsinsi, ndalama za mnzako, ngongole, chuma cha masiye, mantha otaya munthu. Owerenga nyenyezi akale ankaitenga ngati nyumba ya imfa ndi chuma cha ena, ndipo a masiku ano ndi amene anaonjezerapo kwambiri nkhani ya kugonana ndi kukhulupirirana kozama. Funso lake ndi lakuti, kodi munthu uyu ndingamuonetse zimene ndimabisa? Ya 5 ili ngati pabwalo la gule pamene aliyense akukuonani mukuvina, pamene ya 8 ili ngati kuchipinda chitseko chitatsekedwa.

## Masitepe

### 1. Tsimikizani nthawi yobadwira

Nyumba zonse zimawerengedwa kuchokera pa chizindikiro chimene chinkatuluka kum'mawa pamene munthu ankabadwa. Pafoni malo amenewa amalembedwa `AC` kapena `ASC`. Amasuntha pafupifupi digiri imodzi pa mphindi 4 zilizonse, ndipo chizindikiro chonse cha madigiri 30 chimadutsa m'maola awiri kapena kuzungulira pamenepo. Mukalakwitsa ndi ola limodzi, makomo a nyumba zonse, malo amene nyumba iliyonse imayambira, asuntha ndi madigiri pafupifupi 15, lomwe ndi theka la nyumba.

Ambiri aife nthawi yathu yobadwira sinalembedwe paliponse. Funsani mayi, azakhali kapena agogo amene analipo. Akakuuzani kuti "kunali m'bandakucha, atambala atayamba kulira," jambulani matchati awiri, china cha 3 koloko, china cha 5 koloko. Ngati `AC` yakhala m'chizindikiro chimodzi m'matchati onse awiri, mukhoza kupitiriza ndi njira yosavuta ya pa sitepe 3. Ngati yasintha, nyumba za munthu ameneyo simukuzidziwa.

Chenjezo: munthu wopanda nthawi yobadwira alibe nyumba zodalirika, koma mapulaneti ake alipo. Mukhoza kuona kumene mapulaneti ake akugwera m'nyumba zanu, koma osati anu m'nyumba zake. Samalani ndi Mwezi wake wokha, chifukwa Mwezi umayenda madigiri pafupifupi 13 pa tsiku.

Lembani nthawi ya pawotchi ya kumene munthu anabadwira. Musaisinthe nokha. Malawi, Zambia, Mozambique, Zimbabwe ndi South Africa masiku ano ali pa nthawi imodzi chaka chonse, koma ku Britain amasuntha wotchi ndi ola limodzi m'nyengo yotentha, ndipo webusaiti imakonza yokha zimenezo.

### 2. Sankhani mtundu woyenera wa tchati

Lowetsani anthu onse awiri, kenako sankhani `Synastry`. Musasankhe `Composite`. Chimenecho chimasakaniza matchati awiri kukhala chimodzi, ndipo simungaonenso kuti pulaneti iyi ndi ya ndani. Mu `Synastry` muona magudumu awiri, lina mkati, lina kunja. Nthawi zambiri nyumba zimene zajambulidwa ndi za munthu wa gudumu lamkati. Onani dzina lake bwinobwino, kenako musinthanitse anthuwo kuti mupeze chithunzi chachiwiri. Mukufunika zithunzi ziwiri.

Onetsetsaninso kuti matchati onse awiri ajambulidwa m'njira imodzi. Njira ya ku Ulaya ndi America imalembedwa `Tropical`, ya ku India imalembedwa `Sidereal`, ndipo zimasiyana ndi madigiri pafupifupi 24. Malangizo ano akutsatira yoyambayo.

### 3. Pezani nyumba ya 5 ndi ya 8 ya aliyense

Yambani ndi njira yotchedwa `Whole Sign`. M'njira imeneyi chizindikiro chonse chimene muli `AC` ndi nyumba yoyamba, chotsatira ndi yachiwiri, mpaka kuzungulira.

Tiyeni titenge chitsanzo chongopeka cha mkazi ndi mwamuna, chimene tiyenda nacho mpaka kumapeto. Nambala imene ili patsogolo pa dzina la chizindikiro ndi digiri.

```
MKAZI     AC 12 Taurus
Sun 5 Capricorn     Moon 9 Cancer     Mercury 10 Capricorn
Venus 18 Sagittarius     Mars 2 Libra

MWAMUNA   AC 6 Leo
Sun 25 Scorpio     Moon 3 Sagittarius     Venus 8 Capricorn
Mars 15 Sagittarius     Jupiter 28 Aquarius
```

Kwa mkaziyo werengani kuyambira pa `Taurus` ngati 1: `Gemini` 2, `Cancer` 3, `Leo` 4, `Virgo` 5, `Libra` 6, `Scorpio` 7, `Sagittarius` 8. Nyumba yake ya 5 ndi `Virgo`, ya 8 ndi `Sagittarius`. Kwa mwamunayo yambirani pa `Leo`: ya 5 ikugwera pa `Sagittarius`, ya 8 pa `Pisces`.

Chenjezo: ambiri amayamba kuwerenga 1 pa chizindikiro chotsatira, ndiye nyumba zonse zimasuntha ndi imodzi. Chizindikiro cha `AC` chenichenicho ndicho 1.

### 4. Jambulani mabokosi anayi

Papepala jambulani mabokosi anayi: ya 5 ya mkazi, ya 8 ya mkazi, ya 5 ya mwamuna, ya 8 ya mwamuna. M'bokosi la mkazi mulembe mapulaneti a mwamuna okha amene agweramo, ndipo m'bokosi la mwamuna a mkazi okha. Apa ndi pamene zolembera ziwiri zija zimathandiza. Yambani ndi Dzuwa, Mwezi, `Mercury`, `Venus` ndi `Mars`, chifukwa amenewa amayenda msanga ndipo amasiyanitsa munthu ndi mnzake.

M'chitsanzo chathu zikutuluka chonchi. Ya 5 ya mkazi, `Virgo`, mulibe kanthu. Ya 8 ya mkazi, `Sagittarius`, muli `Mars` ndi Mwezi wa mwamuna. Ya 5 ya mwamuna, `Sagittarius` yomweyo, muli `Venus` ya mkazi. Ya 8 ya mwamuna, `Pisces`, mulibe kanthu.

Onani chimene chachitika. Awiriwa akukumana m'chizindikiro chimodzi, koma kwa mwamuna malowo ndi a chisangalalo, kwa mkazi ndi a zakuya.

### 5. Yesani ngati mapulanetiwo akhazikikadi m'nyumbazo

Musanamasulire chilichonse, sinthani njira yogawira nyumba ndi kuona ngati zimene mwapeza zikhalabe. Mawebusaiti ambiri amayamba ndi `Placidus`. Njira ina yosavuta kuwerenga ndi dzanja ndi `Equal`, mmene khomo la nyumba iliyonse limakhala pa digiri yofanana ndi ya `AC`.

Mu `Equal`, nyumba ya 8 ya mkazi ikuyamba pa 12 `Sagittarius` mpaka 12 `Capricorn`. `Mars` ya mwamuna, pa digiri 15, ili mkati. Mwezi wake, pa digiri 3, watsala kunja ndi madigiri 9 ndipo wagwera m'nyumba ya 7. Choncho `Mars` yaoneka m'njira zonse ziwiri, Mwezi m'njira imodzi yokha. Ikani mzere pansi pa `Mars`, ndipo pa Mwezi ikani chizindikiro cha funso. `Venus` ya mwamuna, pa 8 `Capricorn`, yalowa m'nyumba ya 8 m'njira iyi yokha, ndiye nayonso ilandire chizindikiro cha funso.

`Mars` imeneyi yangodutsa khomo ndi madigiri atatu. Mkaziyo akanakhala kuti anabadwa mphindi 15 kapena 20 mochedwerapo kuposa zimene mayi ake akukumbukira, khomo likanaidutsa. Owerenga ambiri amatsata lamulo lakale lakuti pulaneti imene yatsala madigiri osapitirira 5 kufika pakhomo imawerengedwa ngati yalowa kale, ndiye `Mars` iyi tikhoza kuikhulupirira. Koma nthawiyo italakwika ndi ola lathunthu, sitingatero.

Kwa mwamuna, ya 5 ikuyamba pa 6 `Sagittarius` mpaka 6 `Capricorn`. `Venus` ya mkazi, pa 18, ili pakatikati ndipo sikugwedezeka. Dzuwa lake, pa 5 `Capricorn`, lalowa m'njira iyi yokha.

Kwa obadwira kuno, `Placidus` ndi `Equal` sizitalikirana kwambiri chifukwa tili pafupi ndi pakati pa dziko: Lilongwe ili pa madigiri pafupifupi 14 kum'mwera. Kwa wobadwira ku London, madigiri oposa 51 kumpoto, nyumba za `Placidus` zikhoza kukhala zina zazikulu kwambiri, zina zazing'ono, ndiye kuyesa kumeneku musakudumphe.

### 6. Masulirani, kuyambira kwa mwini nyumba

Lamulo lake ndi ili: mwini pulaneti ndi amene amabweretsa kanthu, mwini nyumba ndi amene amamva kwambiri m'mbali imeneyo ya moyo wake. Mwini pulaneti nthawi zina sadziwa n'komwe chimene akuyambitsa.

M'nyumba ya 5, `Venus` imamasuliridwa ngati chikoka chosavuta, munthu amene amakusangalatsa pongomuona. `Mars` imabweretsa kuthamangitsana ndi kupikisana kwa masewera. Dzuwa limachititsa mwini nyumba kudzimva kuti akuonedwa ndipo akuyamikiridwa. Mwezi umabweretsa kufatsa ndipo kawirikawiri nkhani ya ana. `Mercury` ndi nthabwala ndi macheza osatha pafoni.

M'nyumba ya 8 mapulaneti omwewo amalemera. `Venus` imakhala chikondi chofuna munthu yense, limodzi ndi nkhani ya ndalama zophatikiza. `Mars` imakhala chilakolako champhamvu cha thupi, komanso mkangano pa nsanje ndi pa amene akulamulira. Mwezi umachititsa mwini nyumba kuulula zimene sanauzepo munthu. Dzuwa limaunika zimene amabisa, ndipo zimenezo zikhoza kumumasula kapena kumuchititsa mantha.

Tsopano chitsanzo chija. Mwamuna akaona mkaziyu amaona chisangalalo. Amafuna kupita naye kunyanja, kuvina naye, kumuseketsa, ndipo akatumiza uthenga usiku wakuti "ndakusowa" akungonena zimene akumva nthawi imeneyo, mopepuka. Mkazi uthenga womwewo amaulandira m'nyumba ya 8. Amaona kuti watsegulira munthuyu malo amene satsegulira aliyense, ndiye mwamuna akachedwa kuyankha tsiku lotsatira, kwa iye si nkhani yaing'ono. Akabwereketsa ndalama kwa mwamunayo, amazitenga ngati pangano, pamene mwamuna akuziona ngati kuthandizana wamba. Mwamuna amadandaula kuti, "Bwanji ukukulitsa zinthu?" Mkazi amafunsa kuti, "Kodi iwe ukusewera nane?" Palibe akunama. Izi ndi zimene simukanaziona mukanayang'ana chithunzi chimodzi chokha.

### 7. Yesani mtunda wa pakati pa mapulaneti

Pulaneti imene yangogwera m'nyumba popanda kukhudza china chilichonse imamveka pang'ono. Imene yakhudza pulaneti ya mwini nyumba imamveka kwambiri. Mitunda imene imawerengedwa ndi madigiri 0, 60, 90, 120 ndi 180. Wa 60 ndi wa 120 amati ndi yofewa, wa 90 ndi wa 180 ndi yolimbana, ndipo wa 0 umangokulitsa mphamvu. Owerenga amasiyana pa mpata umene amalola. Ine ndimalangiza oyamba kumene kuti asapitirire madigiri 5, chifukwa mukalola 10 mupeza kuti chilichonse chikukhudza chilichonse.

`Mars` ya mwamuna ili pa 15 `Sagittarius`, `Venus` ya mkazi pa 18. Mpata ndi madigiri atatu. Kukumana kwa `Venus` ndi `Mars` ndi chimodzi mwa zizindikiro zodziwika kwambiri za kukokana kwa thupi, ndipo pano kukuchitikira m'nyumba ya 5 ya wina ndi ya 8 ya mnzake. Chikoka chilipo kwa onse awiri. Chimene chikusiyana ndi kulemera kumene aliyense akuchipatsa.

### 8. Funsani za nyumba zopanda kanthu

Bokosi lopanda kanthu silitanthauza kuti mbali imeneyo kulibe. Chizindikiro chilichonse chili ndi pulaneti yochilamulira: `Mars` imalamulira `Aries` ndi `Scorpio`, `Venus` imalamulira `Taurus` ndi `Libra`, `Mercury` ili ndi `Gemini` ndi `Virgo`, `Jupiter` ili ndi `Sagittarius` ndi `Pisces`, `Saturn` ili ndi `Capricorn` ndi `Aquarius`, Mwezi uli ndi `Cancer`, Dzuwa lili ndi `Leo`. Pezani pulaneti yolamulira nyumbayo m'tchati cha mwini nyumba, kenako onani ngati pulaneti ya mnzake ikuikhudza.

Ya 5 ya mkazi ndi `Virgo`, yolamulidwa ndi `Mercury`. `Mercury` yake ili pa 10 `Capricorn`, ndipo `Venus` ya mwamuna ili pa 8 `Capricorn`, mpata wa madigiri awiri okha. Ndiye kuti chisangalalo kwa mkaziyu chilipo, ndipo njira yake ndi macheza: mawu okoma, kukambirana, kuseka limodzi. Ya 8 ya mwamuna ndi `Pisces`, yolamulidwa ndi `Jupiter`. `Jupiter` yake ili pa 28 `Aquarius`, ndipo palibe pulaneti ya mkazi mwa zisanu zija imene ikuikhudza pa mitunda taitchula ija. Bokosi ili lili chetedi. Mwamunayu sadzangozipeza yekha akuulula zamumtima kapena za ngongole zake. Ngati achite, achita chifukwa wasankha.

### 9. Sandutsani zimene mwapeza kukhala mafunso

Pa bokosi lililonse limene muli mzere pansi, lembani funso limodzi lofunsa mnzanuyo. Mwini nyumba ya 8 afunse kuti, "Kodi ndalama zimene timapatsana ukuziona ngati mphatso kapena ngongole?" ndiponso kuti, "Zimene ndimakuuza zija umazisunga bwanji?" Mwini nyumba ya 5 afunse kuti, "Kodi pali zimene ndimazitenga ngati nthabwala koma iwe zimakupweteka?" Mvetserani yankho. Likasiyana ndi zimene tchati chanena, khulupirirani munthuyo.

## Zolakwika zimene zimachitika kawirikawiri

Choyamba ndi kuwerengera `Pluto`, `Neptune` ndi `Uranus` ngati za munthu mmodzi. `Pluto` inali mu `Sagittarius` kuyambira 1995 mpaka 2008. Mkazi wa m'chitsanzo chathu akakumana ndi aliyense wobadwa m'zaka zimenezo, apeza `Pluto` ya munthuyo m'nyumba yake ya 8: anzake a kusukulu, wogulitsa tomato, onse. `Neptune` imakhala zaka pafupifupi 14 m'chizindikiro chimodzi, `Uranus` zaka 7. Ziwerengeni pokhapokha ngati zakhudza pulaneti yanu kapena khomo la nyumba ndi mpata wa madigiri awiri kapena atatu.

Chachiwiri ndi kusokoneza nyumba ndi chizindikiro. Mabuku ambiri a masiku ano amagwirizanitsa nyumba ya 5 ndi `Leo`, ya 8 ndi `Scorpio`, ndiye munthu akaona kuti mnzake ali ndi Dzuwa mu `Scorpio` amati ali m'nyumba yake ya 8. Mwamuna wathu uja Dzuwa lake lili mu `Scorpio`, koma kwa mkaziyo imeneyo ndi nyumba ya 7.

Ena amafuna kuti nyumba ziwirizi ziwauze za ukwati. Ukwati umawerengedwa m'nyumba ya 7, moyo wa pakhomo m'nyumba ya 4. Mabokosi onse anayi akhoza kudzaza anthu n'kulephera kukhala limodzi mwezi umodzi, ndipo akhoza kukhala opanda kanthu banja n'kukhala lolimba. Ndiponso nyumba ya 5 siuza munthu ngati adzabereka kapena ayi. Limenelo ndi funso la kuchipatala.

Ena akaona `Saturn` m'nyumba ya 5 kapena ya 8 amataya mtima. Imamasuliridwa ngati kuchedwa, kusamala ndi udindo. Imakhala zaka ziwiri ndi theka m'chizindikiro chimodzi, ndiye anthu a msinkhu umodzi ambiri amakhala nayo malo amodzimodzi. Ndiponso mawu akuti nyumba ya imfa asakuopseni: pulaneti ya mnzanu m'nyumba yanu ya 8 silosera maliro a aliyense.

Cholakwika chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi kugwiritsa ntchito nyumba ya 8 pophimba nkhanza. Munthu akamafufuza foni yanu, kukulandani ndalama, kukukakamizani kugonana kapena kukumenyani, wina n'kukuuzani kuti ndi mphamvu ya `Mars` kapena `Pluto` m'nyumba ya 8, musavomere. Tsekani tchaticho, uzani wachibale amene mumamukhulupirira kapena ankhoswe, ndipo ngati pali kumenya kapena kukakamiza, pitani kupolisi ku ofesi yothandiza ozunzidwa.